Zilembo za madipatimenti zisanduke mayina athunthu: SWITCH m'malo mwa IF wosanjikiza mu Excel

"Abale, ndimakonza ndandanda wa malipiro pa kampani ina kuno ku Ulongwe. Mu kolamu B muli zilembo zachidule ngati RH, DAF, LOG, koma shefi akufuna mayina athunthu a madipatimenti mu kolamu C. Ndasanjikiza ma IF asanu ndi awiri, pano fomula yatalika ndipo anthu ena akugwera m'dipatimenti yosakhala yawo. Palibe njira yachidule?"

Achemwali, njira ilipo, dzina lake ndi SWITCH. Koma tiyambe ndi anthu amene akugwera kwina aja, chifukwa vuto lalikulu ndi limenelo, osati kutalika kwa fomula. Ndikuganiza kuti fomula yanu ikuthera motere, ngakhale ndaifupikitsa:

```
=IF(B2="RH";"Recursos Humanos";IF(B2="DAF";"Administração e Finanças";"Logística"))
```

Taonani kumapetoko. Fomula iyi siifunsa n'komwe ngati mu B2 muli LOG. Imangoti chilichonse chomwe si RH kapena DAF ndi Logística basi. Wina akalemba DFA m'malo mwa DAF, munthu wa ku ofesi ya zachuma amapezeka ali ku Logística, ndipo Excel siidandaula chilichonse. Ambiri amatero akatopa ndi kusanjikiza: dipatimenti yomaliza amaiika pamalo a "zina zonse" kuti apulumuke IF mmodzi.

Ndi SWITCH, kabokosi mumakatchula kamodzi kokha koyambirira. Kenako mumandandalika ziwiriziwiri, chilembo ndi dzina lake, chilembo ndi dzina lake, mpaka kutha. Chomaliza chimakhala chokha chopanda chinzake, ndipo ndi chimene chimaoneka ngati palibe chilembo chomwe chagwirizana. Lembani izi mu C2 n'kukokera pansi:

```
=SWITCH(TRIM(B2);
"RH";"Recursos Humanos";
"DAF";"Administração e Finanças";
"LOG";"Logística";
"ARM";"Armazém";
"MAN";"Manutenção";
"";"";
"ONANINSO: "&B2)
```

Kuti dipatimenti iliyonse ikhale pamzere wakewake chonchi, dinani Alt ndi Enter pamodzi mukamalemba. Excel siisamala za kuduka kwa mizereko, koma maso anu adzakuthokozani tsiku lomwe adzatsegule dipatimenti yatsopano, chifukwa mudzangoonjezera mzere umodzi, osawerenga mabulaketi otsekera kumapeto.

Mzere womaliza uja ndi umene ndikufuna muusamale kwambiri. Mukausiya, chilembo chosadziwika chimabweretsa #N/A, kapena #N/D pa Excel ya Chipwitikizi. Zimenezo n'zabwinoko kusiyana ndi dzina labodza, koma sizikuuzani chomwe chalakwika. Ndi mzerewu, pamene pali DFA padzaoneka ONANINSO: DFA, ndipo mudziwa pomwepo kuti zala zinasemphana. Ena amakonda kuikapo "" kuti pepala lioneke loyera pamaso pa shefi. Ine sindivomereza, chifukwa munthu wopanda dipatimenti amasowa mukamaphatikiza malipiro a dipatimenti iliyonse, ndiye mumayamba kufunafuna mametikali osowa pa tsiku lolipira. Mzere wa "";"" uli pamwamba pakewo ntchito yake ndi ina: umangochititsa kuti mizere yopanda kanthu pansi pa ndandanda isadzaze ndi ONANINSO.

Mukakokera pansi, ikani fomula iyi penapake pambali. Ikaonetsa 0 ndiye kuti aliyense wapeza kwawo, ikaonetsa 4 ndiye pali mizere 4 yoti muikonze:

```
=COUNTIF(C:C;"ONANINSO*")
```

Tsopano tiyerekeze kuti pa mzere 37 pakuoneka ONANINSO: LOG, pamene LOG ili m'fomula. Apa mpamene anthu amati kompyuta yalodzedwa. Kawirikawiri pamakhala mpata wosaoneka kumapeto kwa chilembocho. SWITCH siisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, log ndi LOG kwa iyo n'chimodzi, koma LOG ya mpata kumapeto ndi chinthu china. N'chifukwa chake ndakuta B2 ndi TRIM, yomwe imachotsa mipata yotereyi. Ikakanikabe, lembani =LEN(B37). Ikayankha 4 pamene maso anu akuona zilembo 3, ndiye kuti pali mpata wa mtundu wina umene umabwera mukakopera ndandanda kuchokera pa intaneti kapena m'pulogalamu ina, ndipo TRIM siukhudza. Pamenepo m'malo mwa TRIM(B2) ikani izi:

```
TRIM(SUBSTITUTE(B2;CHAR(160);""))
```

Ngati madipatimenti ena ali ndi manambala, monga 10 kapena 20, dziwani kuti TRIM imasandutsa nambala kukhala mawu. Choncho m'fomula muyenera kulemba "10" m'kati mwa zizindikiro zake, osati 10 yokha, apo ayi sizigwirizana.

Msampha wina ndi wa SWITCH yeniyeniyo. Popeza imawerenga ziwiriziwiri, mukaiwala dzina limodzi pakati, zonse zapansi zimasuntha. Mukalemba "ARM" n'kuiwala "Armazém", anthu a ARM adzalembedwa MAN, ndipo a MAN adzaona #N/A. Fomula yoduladula mizere ija imaonetsa msanga, chifukwa mzere wa chinthu chimodzi umaonekera patali.

Za zizindikiro: ndagwiritsa ntchito ; polekanitsa zigawo za fomula, chifukwa makompyuta ambiri kuno amakhala pa dongosolo la Chipwitikizi. Ngati yanu inabwera kuchokera ku Malawi kapena ku Joni, mwina ikufuna , m'malo mwa ; ndipo ikakana fomula, yambani mwasintha zimenezo. Mayina nawonso amasintha ndi chilankhulo cha Excel. IF ndi SE, ndipo pa Chipwitikizi cha ku Brazil SWITCH ndi PARÂMETRO pamene TRIM ndi ARRUMAR. Pa cha ku Portugal TRIM ndi COMPACTAR. Izi zimavuta polemba pokha. Fayilo yomwe yasungidwa kale, Excel imamasulira yokha mayinawo mukaitsegula pa kompyuta ya chilankhulo china.

Musanasinthe ndandanda wonse, funsani kaye kuti fayiloyi imakatsegulidwa kuti. SWITCH imapezeka mu Excel 2019, 2021 ndi Microsoft 365, komanso mu Google Sheets ndi LibreOffice Calc. Mu Excel 2010 kapena 2013, zomwe zidakalipo m'maofesi ambiri, mulibe. Kumeneko fomula imaoneka ngati _xlfn.SWITCH, ndipo ikangowerengeredwanso imasanduka #NAME? kapena #NOME?. Ngati a ku likulu ku Tete kapena ku Moatize ali ndi Excel yakale, atumizireni kope lomwe mwakopera kolamu C n'kumata zotsatira zokha, popanda fomula.

SWITCH imalola mpaka mapeya 126, pamene IF imasanjikizika mpaka 64, koma musayese kufika kumeneko. Kwa madipatimenti anu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu SWITCH ikukwanira bwino. Akapitirira 12, kapena mayina ake akamasinthasintha, ndi bwino zilembo ndi mayina zikhale pa tsamba lakelake, tinene Madipatimenti, zilembo mu kolamu A, mayina mu B, ndipo mu C2 mulembe:

```
=VLOOKUP(TRIM(B2);Madipatimenti!A:B;2;0)
```

Pa Chipwitikizi VLOOKUP ndi PROCV, ndipo imagwira pa Excel yakale yomwe. Musaiwale 0 wakumapetoyo, chifukwa popanda iye Excel imatola chilembo chongoyandikira, n'kukubwezerani vuto lomwe lija la anthu ogwera kwina. DAF ikadzasintha dzina, mudzakonza kabokosi kamodzi pa tsamba la Madipatimenti, ndandanda wonse n'kutsatira, ngakhale wokonzayo atakhala mnzanu wosadziwa mafomula.