Bauti yadzimbiri pa ekizozi: yambani ndi mafuta, moto ubwere pomaliza

"Mabauti a ekizozi ya galimoto yanga agwira dzimbiri, sakutembenuka. Ndiwotche, ndimenye kapena ndithire mafuta?"

Achimwene, yambani ndi mafuta olowerera m'dzimbiri. Palani ndi bulashi ya waya, thirani, musiye usiku wonse. M'mawa menyani mutu wa bauti pang'onopang'ono ndi hamala kuti dzimbiri lisweke, ndipo pomasula muzibweza uku ndi uku ndi sipanala ya mbali 6. Ya mbali 12 imadya makona.

Musakakamize poveka paipi yaitali pa sipanala. Ine ndinathyolapo bauti ya mamilimita 8 motero, tsiku lonse linathera pobowola chotsalira. Mukamva ikufewa koma nati isakusuntha, lekani, bauti ikupotoka imeneyo.

Zikakanika, moto. Tenthetsani nati yokha kuti ifutukuke, bauti ayi, ndipo mumasule ikadali yotentha. Pukutani kaye mafuta aja chifukwa amayaka, muonenso kuti paipi ya petulo, mawaya ndi mphira zili kutali. Bauti yomwe yafiira ndi moto imataya mphamvu, musaibwezerenso.

Ngati yalowa m'chitsulo cha aluminiyamu cha injini, kapena ili pafupi ndi thanki, pitani kwa makaniko. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 osayamba wafiira.