Benchi limodzi, amayi awiri: chimene akuumirira si chimene chikuwapweteka

"Zikomo akulu. Azakhali anga amagulitsa masamba ndi tomato ku msika wa Zigwagwa, pa benchi limodzi ndi mayi wina wa usipa wouma. Dzina lolembedwa ku komiti ndi la azakhali, koma malata awiri a pamwamba anagula ndi mayi winayo. Akhala bwinobwino zaka 3, koma chiyambireni mvula salankhulana. Azakhali akuti mnzawoyo achoke, mayi wa usipayo akuti benchi lidulidwe pakati. Andipempha kuti ndikawayanjanitse Loweruka. Kodi wolondola ndani?" Wowerenga wa ku Chiputula.

Achemwali, funso loti wolondola ndani lisiyeni kunyumba Lowerukalo. Mukapita nalo mukhala woweruza, ndipo mmodzi adzachoka ali wogonja pamaso pa anzake a pa mzere. Pali ntchito ina yoti muyambe nayo.

Mawu akuti "achoke" ndi akuti "lidulidwe pakati" ndi zimene amayiwa akuumirira. Munthu akavutika ndi kanthu, amadzipezera yekha njira imodzi yothetsera vutolo, ndiye pakamwa pake pamatuluka njirayo, vuto lenilenilo n'kutsalira m'mimba. Chimene akusowa ndi chimene chinawakankha kuti anene mawuwo. Kusiyana kumeneku anakufalitsa kwambiri Roger Fisher ndi William Ury a ku yunivesite ya Harvard ku America mu 1981, koma makolo athu anakuona kale pomwe ankati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga.

Pali njira yosavuta yosiyanitsira ziwirizi. Choumirira chimakwaniritsidwa mwa njira imodzi basi: mayi wa usipa achoka kapena sachoka. Chosowa chimakhala ndi makomo ambiri. Munthu akati "ndikufuna katundu wanga asanyowe", mutha kusuntha katunduyo, mutha kukonza denga, mutha kuika chotchinga. Mukamva mawu amene yankho lake ndi inde kapena ayi, dziwani kuti simunafike pansi.

M'kalata yanu muli mawu amene ine ndawagwira: chiyambireni mvula. Dzina la ku komiti linalipo zaka zonse 3. Malata analipo. Ngati zimenezo zikanakhala gwero, akanakangana kale. Chasintha ndi nyengo, ndipo mvula ya ku Mzuzu kuno tonse tikuidziwa, imatenga miyezi yambiri, ikatha n'kubwera mawawa ndi chifunga. Tsono onani katundu wawo. Mpiru, chinizi ndi nkhwani zimafuna kuwazidwa madzi kangapo pa tsiku kuti zisafote. Usipa wouma mdani wake ndi madzi omwewo: ukangomva chinyontho umafewa, umanunkha, umachita nkhungu, ogula n'kumaudutsa. Nthawi ya dzuwa timadontho togwera pa usipa timauma tokha. Nthawi ya mvula thabwa limakhala lonyowa tsiku lonse, ndipo ngati benchi lapendekera mbali ya usipa, madzi a masamba amatsikira konko. Mayi amene waika mpamba wake wonse pa ndowa ya usipa wochokera ku Nkhata Bay akaona zimenezi, n'zosadabwitsa kuganiza zodula benchi. Akufuna malire oti madzi asawoloke.

Mbali ya azakhali ingakhale yotere. Mvula ikayamba kugwa, mnzawo amakokera usipa pomwe denga silidontha, masamba n'kukankhidwira kumbuyo. Masamba sadikira: akapanda kugulidwa m'mawa, pofika masana atsika mtengo, mawa lake n'ngotaya. Ndipo mwina tsiku lina mnzawoyo ananena pagulu kuti "malatawa ndi anga". Kwa munthu amene dzina lake ndilo lili m'buku, mawu otere amamveka ngati chiyambi cholandidwa malo. "Achoke" pamenepo akutanthauza kuti "ndikuopa kuti ndichoka ndine".

Izitu ndangolumikiza kuchokera m'kalata yanu, ndipo ngozi yaikulu ya woyanjanitsa ili pomwepa: kufika ndi nkhani yake yokonzeratu n'kuwaveka anthu. Zitengeni ngati zoti mukafufuze. Lowerukalo lisanafike, kaonaneni ndi aliyense payekha, kutali ndi mzere. Musafunse kuti "n'chifukwa chiyani mukufuna achoke?", chifukwa funso limenelo munthu amalimva ngati mlandu ndipo amangobwereza mawu ake mokweza. Funsani chonchi: "Azakhali, tiyerekeze kuti achokadi. Lolemba m'mawa chimene chisinthe kwa inu n'chiyani?" Kwa enawo: "Mayi, benchi litadulidwa, ndi vuto liti limene lingathe tsiku lomwelo?" Funsaninso tsiku limene zinayambira ndi chimene chinachitika. Akayankha kuti "ndi wamwano", pemphani chitsanzo, chifukwa mwano ndi dzina limene timapatsa chochitika chimene sitinachifotokoze. Kenako bwerezani zimene mwamva mpaka munthuyo anene yekha kuti "eya, n'zimenezo". Asanatero, simunapeze.

Chenjerani pano, inu ndinu mwana wa mbali imodzi. Mayi wa usipa akuululirani mantha awo pokhapokha atakhulupirira kuti simukawanena kwa azakhali ngati chida. Pemphani chilolezo pa chilichonse chimene mukufuna kukatchula pokumana.

Ambiri amathamangira kudula pakati chifukwa kumaoneka chilungamo. Taganizirani zotsatira zake. Aliyense atsala ndi theka losakwana kuyala katundu. Polumikizana malata, pomwe nthawi zambiri pamadontha, pakhala pa malire penipeni. Madzi owaza masamba aziulukabe. Ndipo ataya chinthu chimene onse akuchisowa koma palibe akuchitchula: munthu woyang'anira katundu wina akapita kukapikula, kuchipatala kapena kumaliro. Onjezani kuti wogula usipa amafunanso tomato wothira mu ndiwo yomweyo. Amayiwa akhala akuitanirana makasitomala zaka 3 osazindikira.

Ngati zimene mwapeza zikufanana ndi izi, mgwirizano wake ungaoneke motere. Usipa ukhale kumtunda kwa benchi, pansi pa lata losadontha, pa thireyi kapena lichero lokwezedwa ndi timatabwa. Masamba akhale kumunsi, aziwazidwira mu beseni pansi asanakwere pa benchi. Kutsogolo, pomwe anthu amadutsa, kukhale kwa masamba kuyambira m'mawa mpaka 12 koloko, masana usipa n'kusunthira kutsogolo, poti wouma sufota ndi kudikira. Za umwini zilembedwe pamaso pa a komiti: dzina likhale la azakhali, koma malata adziwike kuti ndi a mnzawo, ndipo akadzasiyana adzawatenga kapena kubwezeredwa ndalama imene agwirizane lero, pomwe mitima ili pansi. Muikenso tsiku lodzaunikanso pakatha milungu iwiri, chifukwa mvula yamphamvu imodzi ndiyo idzaonetse ngati zagwira.

Njirayi ili ndi malire ake. Nthawi zina mukakumba mumapeza kuti zosowazo zikuwombanadi. Azakhali atha kukuuzani kuti mwana wawo wamaliza sukulu ndipo akufuna ayambe geni pa theka limenelo. Pamenepo palibe kusuntha kwa beseni kumene kungathandize, chifukwa malo ndi amodzi, ofuna ndi awiri. Zikatero musanamizire kuti onse apindula. Nkhani isanduke ya kusiyana bwino: mwezi woti mayi wa usipa akonzekere, mtengo wa malata woti auone munthu wapadera monga kalipentala wa pamsika pomwepo, ndi pempho kwa a komiti ngati pali benchi lina lopanda munthu.

Lowerukalo mukakhale nawo madzulo atatseka geni, osati pomwe ogula akudutsa. Musanayambe kulankhula, thirani kapu ya madzi pakati pa benchi, nonse atatu muone kumene akutsikira.