Madzi m'chifuwa ndi singano yowachotsera

Funso: "Mayi anga ali ndi madzi m'chifuwa ndipo adokotala akufuna kuwabaya singano. Tivomere?"

Vomerani, achemwali. Madziwo sali m'mapapo mwenimweni, koma pakati pa phapo ndi nthiti, ndipo akachuluka amalipanikiza, n'chifukwa chake mayi akubanika.

Pa zaka zanga zaunesi ndakhala ndikuthandizira ntchitoyi. Wodwala amakhala tsonga, n'kuweramira patebulo. Amabayidwa kumsana mankhwala ochititsa dzanzi, kenako singano imalowa modutsa pamwamba pa nthiti, chifukwa mitsempha imadutsa m'munsi mwake. Nthawi zambiri sachotsa madzi opitirira lita imodzi ndi theka tsiku limodzi. Kupitirira apo phapo lingatupe.

Phindu lalikulu lili ku labotale. Madzi okhala ndi mapuloteni ochepa amaloza ku mtima wofooka, chiwindi kapena impso. Mapuloteni akachuluka, timaganizira TB, imene kuno kwathu njofala, chibayo kapena khansa. Mafinya ndiye singano yokha siyikwanira, pamafunika chubu. Musadabwenso kachilombo ka TB kakapanda kupezeka m'madzimo ngakhale matendawo alipo, zimachitika kawirikawiri.

Ngati mayi amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, auzeni adokotala asanayambe. Mayi akayamba kubanika kwambiri kapena kumva kupweteka kolasa pachifuwa atabayidwa, itanani namwino pomwepo: mwina mpweya walowa pakati pa phapo ndi nthiti ndipo phapo laphwa.