Musakweche bafa ngati poto

"Amayi anzanga ndithandizeni, talowa nyumba ya lendi ku Chilomoni, bafa lake lili ndi mzere wa litsiro ndipo mipopi ili ndi madontho oyera. Ndigule chani choti nditsukire bafa, mipopi, sinki ndi matailosi osakanda? Alandilodi anati tikaononga tilipira."

Asisi, musanagule kalikonse yambani mwadziwa kuti bafa lanulo ndi lotani, chifukwa mabafa oyera amaoneka ngati ofanana koma sali choncho. Chotsani maginito aja timamata pa filiji muyike m'mbali mwa bafalo. Akamata ndiye kuti ndi la enamo, mkati mwake ndi chitsulo ndipo pamwamba anawotcherapo galasi, ngati mbale zija za agogo zomasupuka zikagwa. Akapanda kumata, ndipo mukagogoda likumveka ngati chigubu komanso silizizira kwambiri m'mawa, limenelo ndi la akiriliki, pulasitiki basi.

La akiriliki limaopa chilichonse chokanda. Vimu, phulusa, sitiliwulu, ngakhale mbali yobiriwira ija ya siponji, zonsezi zimasiya timizere toti tsiku loyamba simutiona koma litsiro la sopo limakakhala momwemo, ndiye bafa limayamba kuda msanga, inu nkumakwecha kwambiri, nalo nkumaipiraipira. Sopo wa kirimu woyera uja naye ali ndi timiyala tosalala mkati, ine pa akiriliki sindimuyika. Chimene chimagwira ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, supuni imodzi yayikulu mu malita 5 a madzi ofunda, osati owira. Pakani pa mzerewo, musiye maminitsi 10 kapena 15 kuti mafuta a thupi afewe, kenako pukutani ndi mbali yofewa ya siponji kapena tisheti yakale. Ukakanika bwerezani mawa, musawonjezere mphamvu ya dzanja. Ndipo chochotsera penti ya zikhadabo kapena thina musayandikize nkomwe, zimadya pulasitiki mpaka kung'aluka timing'alu.

Likakhala la enamo mdani wake wamkulu ndi asidi, ndipo apa ndinapsa ndekha. Titalowa nyumba ina ku Zingwangwa ndinathira mankhwala a mu toyileti aja okhala ndi asidi pa banga la dzimbiri pansi pa mpopi, ndinasiya usiku onse poganiza kuti ndikuchita bwino. M'mawa dzimbiri linachoka inde koma malo onse pamene mankhwala anayenderera panali mbuu, pokhakhala ngati choko ukapitsa chala, ndipo mpaka tsiku losamuka sipanawalenso, mtima unkandiwawa tsiku lililonse ndikalowa kukasamba. Kuwala kwa enamo kukapita sikubwerera ndi sopo ayi. Ndiye pamenepo ndi sopo wa mbale yemweyo, pa banga louma sakanizani soda wophikira ndi timadzi akhale ngati phala, pakani, dikirani maminitsi 15, pukutani mofatsa. Viniga ndi mandimu nawonso ndi asidi, musazisiye zitakhala pamenepo.

Madontho oyera a pa mipopi ndi laimu wotsala madzi akauma, amachuluka kwambiri ngati madzi ndi a pa mjigo. Kuromu, chonyezimira chija cha pamwamba pa mpopi, ndi kachikutu kopyapyala kuposa tsitsi, mukakwecha ndi sitiliwulu mudzaona chitsulo chachikasu chayamba kusuzumira pansi. Apa viniga woyera amathandiza, theka viniga theka madzi, nyowetsani kansalu mukulunge mpopiwo maminitsi 5 mpaka 10 basi, m'makona mupitemo ndi mswachi wakale, tsukuluzani bwinobwino nkupukuta uume. Kupukutako ndi kumene kumaletsa madontho kubwerera. Ngati bafa ndi la enamo yalani thawulo pansi pa mpopi kuti viniga asadonthere. Jiki ndi mankhwala a mu toyileti pa kuromu ayi, amasiya timaenje ndi mabanga akuda.

Sinki ya seramiki, toyileti ndi matailosi onyezimira ndiye zolimba pa zonsezi, sopo wa kirimu uja ndi Jiki wosungunula ndi madzi zimatheka. Koma asidi azikhala mkati mwa toyileti mokha, pa matailosi amadya simenti ya m'mizere, ndipo sitiliwulu imasiya mizere yotuwa pa sinki.

Chinthu chimodzi chonde chonde, Jiki musamusakanize ndi viniga kapena mankhwala a mu toyileti, pamatuluka mpweya wa kilorini wowotcha maso ndi chifuwa, makamaka timabafa tathu ta kawindo kamodzi. Muwauzenso amene amakuthandizani ntchito pakhomo, poti nthawi zambiri botolo limakhala m'manja mwawo.

Ndiye pogula tengani sopo wa mbale, viniga woyera, soda ndi siponji yatsopano ya kubafa yokha, yosakhudza mapoto. Ndipo lero lomwe musanatsuke jambulani bafalo ndi foni, ngati pali malo okandika kale muwatumizire alandilodi aone.