Akufuna chiponde changa chizipezeka m'sitolo zawo zokha

"Ndimapanga chiponde ku Lilongwe. Kampani ina ya masitolo akuluakulu yati izindigula, bola ndisiye kugulitsa kwina kulikonse kwa zaka ziwiri, ndipo phindu lawo likhale 25 peresenti. Mkulu wogula katundu wanditsimikizira pafoni kuti azitenga mabotolo 3,000 mwezi uliwonse. Alamu anga akuti ndisaine msanga mwayi usanandidutse. Nditani?"

Mayi, mabotolo 3,000 amenewo afufuzeni m'pepala limene akupatsanilo. Ndikukayika ngati muwapezemo. Chimene mupeze chakumapeto ndi ndime yonena kuti zonse zimene mwagwirizana ndi zolembedwazo basi, ndipo zokambirana zam'mbuyo zafafanizika. Milandu ya opanga katundu ang'onoang'ono imatha kufera pa ndime imeneyi. Lonjezo lanu losagulitsa kwina lili ndi siginecha, pamene lonjezo lawo logula lili m'kamwa mwa munthu amene mawa akhoza kusamutsidwa. Akadzaitanitsa mabotolo 400 okha, sadzakhala ataphwanya chilichonse. Inu mukadzapereka otsalawo kwa wagolosale wa ku Area 25, wophwanya mgwirizano mudzakhala inuyo. Khoti kawirikawiri sililola umboni wapakamwa kusintha zimene anthu analemba ndi kusainira. Nthawi zina mauthenga a pa WhatsApp amathandiza kuonetsa kuti munthu ananyengedwa, koma njirayo ndi yaitali, yodula, ndipo sindingakulonjezeni kuti mungapambane. Alamu anuwo tsiku limenelo sadzalipira loya.

Choncho kusagulitsa kwina kukhale ndi mtengo wake wolembedwa. Mgwirizano unene chiwerengero chochepetsetsa chimene azigula, ndipo ndi bwino kuchiwerenga pa miyezi itatuitatu, mwachitsanzo mabotolo 9,000. Unenenso chochitika akalephera. Musakakamire chipukuta misozi, chifukwa kampani yaikulu imakana ndipo kukachitenga kumafuna mlandu. Pemphani kuti akapanda kukwanitsa, chiletsocho chizitha chokha popanda chilolezo chawo. Zimenezi savuta nazo kwenikweni, poti siziwadyera ndalama. Chiletsocho muchichepetsenso: chikhudze botolo la magalamu 400 lokha, masitolo akuluakulu opikisana nawo okha, kwa miyezi 12. Magolosale, sukulu ndi misika zikhale zanu.

Pa 25 peresentiyo, afunseni kuti akuwerengera pa mtengo uti. Tinene kuti botolo pashelefu likhala K5,000, msonkho wa VAT tauika pambali. Ngati akuwonjezera 25 peresenti pa mtengo wanu, muziwagulitsa K4,000. Ngati akuchotsa 25 peresenti pa mtengo wa pashelefu, momwe masitolo ambiri amawerengera, mulandira K3,750. Ndiye pali zodula zina zimene sazitchula pafoni, monga 5 peresenti yobwezera kwa iwo ndi 3 peresenti ya zotsatsa malonda. Zimenezi zikudya K300, mwatsala ndi K3,450. Ngati botolo limakutherani K3,100 kupanga, phindu limene mumaliyesa K900 lafika pa K350, mabotolo obwezedwa tisanawawerenge. Kambiranani za ndalama imene ilowe ku akaunti yanu pa botolo limodzi, ndipo mulembetse kuti chodula chilichonse chosatchulidwa mumgwirizano nchosaloledwa. Samalaninso ndi fomu yolembetsera ngati wopereka katundu. Nthawi zambiri imati mwavomera malamulo awo a malonda, amene ali m'chikalata china chimene sanakuonetseni. Chiitanitseni, ndipo mulembetse kuti ziwirizi zikasemphana, mgwirizano wanu ndiwo uzitsatidwa.

Mtengo usamangidwe zaka ziwiri. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtedza umakwera chaka chilichonse pofika nyengo ya dzinja. Pakhale ufulu wosintha mtengo mutawadziwitsa masiku 30. Masiku olipira aziwerengedwa kuyambira tsiku lolandira katundu. Mukalola kuti awerengere pa sitetimenti ya kumapeto kwa mwezi, masiku 30 akhoza kufika pafupifupi 60. Katundu woonongekera m'nkhokwe mwawo akhale wawo, ndipo wobwezedwa akhale ndi malire. Akadula msonkho wa MRA pa malipiro anu, muzitenga satifiketi yake nthawi yomweyo.

Bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC limalandira madandaulo pansi pa lamulo la mpikisano pa malonda la 2024, lomwe limakhudzanso ogula akuluakulu opondereza owagulitsa katundu. Komabe kugwirizana kuti katundu azigulitsidwa malo amodzi sikulakwa pakokha. Bungwelo limayang'ana ngati mpikisano waonongeka, ndipo kafukufuku wake sathamanga ngati ngongole yanu ya mtedza. Onaninso ndime ya mikangano: ngati ikuti nkhani zizikaweruzidwa kunja kwa dziko, ikaneni. Zosintha zanu muwatumizire pa kalata, ndipo wosaina mbali yawo akhale munthu amene kampani inamupatsa mphamvu zosainira. Mkulu wogula katundu nthawi zambiri alibe mphamvuzo.