Ndimuuze bwanji mnzanga kuti sanatchule magwero?

"Tapatsana nkhani kuti tiwunikane. Ya mnzanga, yonena za usodzi wa usipa ku Senga Bay, ilibe magwero. Ndilembe chiyani osamukhumudwitsa?"

Achimwene, musangolemba kuti "onjezera magwero", sadziwa poyambira. Lozani chiganizo chenicheni. Ine ndikanalemba chonchi:

"Mnzanga, zomwe anakuuza asodzi zakoma kwambiri. Koma m'ndime yachitatu wati usipa wachepa, osatchula gwero. Unawerenga lipoti la Dipatimenti ya Usodzi? Lemba dzina lake ndi chaka pomwepo. Ngati ndi msodzi anakuuza, nena kuti munacheza liti. M'ndime yachinayi mawu asintha, sakumveka ngati ako. Ngati unakopera, aike m'zizindikiro za mawu ogwidwa, wonjezera nambala ya tsamba. Ukapanda kutero, aphunzitsi adzati waba ntchito ya wina."

Onaninso ngati aliyense wotchulidwa m'katimo alipo pamndandanda wa magwero wakumapeto. Ambiri timaiwala pamenepo.