Zithunzi 640 za ukwati: kuwala kumodzi sikungakwane tsiku lonse

“Ndinajambula ukwati wa msuweni wanga ku Area 25 ndi Nikon, mafayilo a NEF okwana 640. Nditawatsegula mu darktable anaoneka akuda, ndiye ndinakweza chimodzi kufika pa 1.5 EV, n'kukopera kwa onse, n'kutulutsa JPEG. Za m'tchalitchi zili bwino, koma za panja diresi la mkwatibwi layereratu ngati pepala. Kodi ndikonze chimodzichimodzi? Eni ukwati akundivutitsa.”

Ayi achimwene, simukonza chimodzichimodzi. Mukonza zithunzi mwina zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, zinazo zitengera pamenepo. Ndipo mtima pansi, palibe chomwe chawonongeka, chifukwa darktable, pulogalamu yokonzera zithunzi ija, sakhudza fayilo ya NEF, yomwe ndi RAW ya Nikon, chithunzi chosaphika monga chachokera m'kamera. Zonse zimene munasintha zalembedwa m'kafayilo kena pambali, ka dzina ngati DSC_0412.NEF.xmp.

Chimene chakuchitikirani chili mu nambala ija. EV imodzi ndi kuwirikiza kuwala kawiri. Chithunzi cha m'tchalitchi chinkafunadi kukwezedwa, koma cha panja padzuwa la masana la kuno ku Lilongwe chinali chitakhuta kale kuwala, mwina chikadakhala bwino pa 0.2. Inu munachiika pa 1.5, kutanthauza kuti munachithira kuwala kopitirira kawiri pa kumene chinkafuna. Fayilo ya RAW imasunga masitepe a kuwala okwana 4,096 kapena 16,384 malinga ndi kamera, pomwe JPEG ili ndi 256 okha pa mtundu uliwonse. Chilichonse chomwe chafika pamwamba pa 256 amenewo chimasanduka choyera mbee, ndipo maluwa osokedwa pa diresi amathera pomwepo. Choncho ma JPEG munatulutsa aja musalimbane nawo, afufuteni. Tibwerere ku NEF.

Ntchito yeniyeni ndi kugawa zithunzi potengera kuwala kumene zinajambulidwiramo. Mu lighttable, mbali ya darktable yoonetsa zithunzi zonse pamodzi, sanjani zithunzi potsata nthawi yomwe zinajambulidwa, muona kuti tsiku la ukwati limadzigawa lokha: kunyumba m'mawa akumuveka mkwatibwi, m'tchalitchi, pakhomo la tchalitchi anthu akutuluka, kokajambulitsa pakapinga masana, kenako m'holo pa perekaniperekani. Ine m'holo ndimagawanso pawiri, za fulashi ndi zopanda fulashi, chifukwa kuwala kwake sikufanana m'pang'ono pomwe.

Pa gulu lililonse sankhani chithunzi chimodzi chapakatikati. Osasankha chokongola kwambiri ayi, koma chomwe chili ndi nkhope, diresi loyera ndi suti yakuda limodzi, ngati chilipo. Chitseguleni mu darkroom, mbali yokonzera chithunzi chimodzi, pitani pa exposure. Musadabwe mukapeza chithunzi chosakhudzidwa chili kale pa 0.7 EV, darktable wa masiku ano amayambira pamenepo dala, pofuna kuti RAW iyandikire zomwe munkaona kumbuyo kwa kamera. Paja chomwe kamera imakuonetsani ndi JPEG yake yomwe yaphika kale, n'chifukwa chake RAW imaoneka yakuda ndi yozizira mukangoitsegula.

Tsono dinani `o` pa kiyibodi. Malo onse omwe apsa ndi kuwala aoneka ofiira. Kwezani kapena tsitsani mukuyang'ana nkhope kaye, kenako diresi. Apa pali msampha womwe ambiri timagwamo: khungu lathu ndi lakuda, ndiye dzanja limafuna kukweza mpaka nkhope iwale ngati yopakidwa mafuta, diresi n'kupsa. Nkhope isiyeni pa mtundu wake weniweni, pomwe maso ndi masaya zikuoneka bwino basi. Ngati yakhalabe mumdima pomwe diresi lafika kale pamalire, musaonjezerenso exposure, kwezani mithunzi yokha ndi tone equalizer. Kufiira pang'ono pa babu la magetsi kapena pa zenera la tchalitchi sikundidetsa nkhawa, koma pa diresi sindikulola.

Dinaninso `shift+o`. Ichi chimaonetsa malo omwe anapsa m'kamera momwemo pa nthawi yojambula. Amenewo ngakhale mutsitse bwanji sabwerera, amangosanduka otuwa. Mukawaona pa chophimba kumutu cha mkwatibwi padzuwa, vomerezani, musadetse chithunzi chonse pofuna chinthu chomwe kulibe.

Mukakhutira, bwererani ku lighttable, pa history stack sankhani selective copy, chongani exposure ndi zoyendera nazo limodzi monga za mtundu wa kuwala. Musachonge crop, chifukwa mudzadula mitu ya anthu m'zithunzi 100 nthawi imodzi. Sankhani gulu lokhalo, n'kumata.

Apa mpomwe ambiri amaimira, koma pali kanthu kena. Ngati munkajambula kamera ili pa M, pomwe mumasankha nokha zonse, osasintha kanthu, gulu lonse lifanana, mwamaliza. Ngati inali pa A kapena P, kamera inkadzisankhira yokha pa chithunzi chilichonse. Diresi likadzaza chithunzi, kamera imaganiza kuti kwawala kwambiri n'kudetsa, ikaona amuna a masuti akuda imawalitsa. Ndiye m'gulu limodzi mumakhala zina zothawa. Kuti muzipeze msanga, ikani pulogalamu ya exiftool, tsegulani terminal mu foda ya zithunzi, lembani izi:

```
exiftool -T -FileName -ExposureTime -FNumber -ISO -ext NEF .
```

Tinene kuti chithunzi chanu chotsogolera cha m'tchalitchi chikuonetsa 1/125, f/4, ISO 1600, ndipo chakhala bwino pa 1.2 EV. M'munsi mwake mwapeza china cha malo omwewo chili pa 1/250, f/4, ISO 1600. Chimenechi chinalandira theka la kuwala, choncho chikufuna EV imodzi yoonjezera, 2.2. China chili pa 1/60 chinalandira kowirikiza, chitsike kufika pa 0.2. Zonse za 1/250 zisankheni limodzi, mukonze kamodzi. Masamu amenewa amagwira pokhapokha kuwala kwa pamalopo kusanasinthe, musayerekeze nawo cha m'tchalitchi ndi cha panja. Ndipo cha pa 2.2 chija chikuzeni muone suti, chifukwa ISO 1600 yokwezedwa chonchi imatulutsa timadontho ngati mchenga m'malo akuda. Yatsani denoise (profiled) pa zimenezo.

Mudzaona kuti exposure ili ndi mode ya automatic, ndipo mudzakopeka nayo. Pa ukwati ine sindiigwiritsa ntchito. Imakokera chithunzi chilichonse pa mlingo umodzi wa kuwala, ndiye diresi limatuwa, ndipo gule wa usiku m'holo amaoneka ngati wa masana.

Musanatulutse, chepetsani zithunzi mu lighttable kuti zioneke zambiri nthawi imodzi, muyendetse maso. Chothawa chimadzionetsa chokha pakati pa zinzake. Pa export sankhani JPEG (8-bit), quality 90, profile ikhale sRGB. Mukasankha Adobe RGB, mitundu ya zitenje za amayi idzaoneka yofwifwa pa mafoni ena ndi kumalo ambiri osindikiza zithunzi. Yambani ndi zithunzi khumi, ziwiriziwiri m'magulu osiyana, muzione pa foni yanu, chifukwa sikirini ya laputopu yowalitsidwa kwambiri imanamiza, zithunzi zimatuluka zakuda.

Zikakhala bwino, tulutsani zonse, koma pa on conflict ikani skip. Laputopu yakale itenga nthawi yaitali ndithu pa mafayilo 640, ndipo magetsi akazima batire n'kutha pa chithunzi cha 400, mudzangoyambitsanso, idzadumpha zomwe zatuluka kale. Fayilo yomaliza yomwe inali kulembedwa pa nthawiyo muifufute kaye, chifukwa ikhoza kukhala yoduka. Eni ukwati apatseni pa fulashi disiki, kapena pa WhatsApp ngati Document, kuti zisafinyidwe panjira.